Lemba la C silinamuuze muphwa wanga chimene ankalakwa

Achemwali anga amagulitsa kachewere ndi anyezi mu msika waukulu wa Mzuzu, ndipo amabwerera ku Chibavi kutada kale, miyendo itatupa. Mwana wawo atafika Sitandade 8 anandiitana n'kundiuza kuti, "Achimwene, inu munaphunzitsapo, mwanayu ndi wanu. Ine za masamu a Chingerezi sindingazithe." N'zoona ndinaphunzitsapo zaka zingapo ndisanayambe ntchito yowerengera ndalama imene ndikugwira pano. Ndinavomera kuti ndizipita kumeneko Lachiwiri, Lachinayi ndi Loweruka madzulo.

Tsiku loyamba muphwa wangayo ananditulutsira chuma chake. Chinali chimtolo cha mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo, a fotokope, omangidwa ndi ulusi pakona, amene amayi ake anamugulira pa kasitolo kena m'tauni. Kumapeto kwa mtolowo kunali tsamba limodzi la mayankho, malemba okhaokha ondandalikidwa: 1. B, 2. D, 3. A, mpaka pansi. Panalibe chiganizo ngakhale chimodzi. Mnyamatayo anandionetsa monyadira kuti pepala lina la mafunso 40 osankha anakhoza 37.

Ndinasangalala kwa mphindi ngati ziwiri. Kenako ndinaloza funso lina limene anakhoza n'kumufunsa kuti anafika bwanji pa yankholo. Iye anati, "Amalume, limenelo ndi C." Ndinati ndamva kuti ndi C, koma chifukwa chake n'chiyani? Anayang'ana kudenga, n'kuseka pang'ono, kenako anati pepalali analibwereza kanayi ndipo akukumbukira kuti pambuyo pa D kumabwera C. Anali ataloweza mndandanda wa malemba ngati nyimbo ya kwaya. Ulendo woyamba umene analemba pepalalo, asanaone tsamba lakumapeto, anapeza 22.

Nambala ya 22 imeneyo ndi imene inandisowetsa tulo, chifukwa nayonso inali ndi bodza lake mkati. Funso likakhala ndi mayankho anayi, A, B, C ndi D, munthu wongolota amakhoza pafupifupi limodzi pa mafunso anayi alionse. Mwana amene sanatsegulepo buku, atangotseka maso n'kumasankha, pa mafunso 40 angayembekezere kukhoza 10 kapena chapafupi pomwepo. Tsono tiyerekeze kuti muphwa wangayo ankadziwadi mafunso 16. Otsala 24 anangolota, ndipo mwa amenewo mwayi unamupatsa 6. Mukaphatikiza 16 ndi 6 mupeza 22 uja. Tsamba la malemba linamuchongera onse 22 mofanana, osasiyanitsa amene anawagwirira ntchito ndi amene anangowatola panjira. Ndipo mwana aliyense akamabwereza amangoyang'ana amene walakwa. Mafunso 6 amwayi aja sawabwereranso, chonsecho ndi amene akumudikira m'chipinda cha mayeso a MANEB atavala manambala ena.

Funso limene linanditsegula maso linali la phindu. Pa pepalapo linali m'Chingerezi monga mwa masiku onse, koma m'Chichewa linkati: wamalonda anagula thumba la mbatata pa K20,000 n'kuligulitsa pa K25,000, kodi phindu lake ndi maperesenti angati? Mayankho anali awa: A inali 5, B inali 20, C inali 25, D inali 80. Ulendo woyamba mnyamatayo anasankha B. Tsamba lakumapeto linati C. Iye anafufuta B, analemba C, n'kupitirira. Kumeneko kwa iye kunali kukonza.

Anthu ambiri sadziwa kuti amene amakonza mafunso oterewa satola mayankho olakwika aja mwachisawawa. Lililonse limakhala kumapeto kwa kanjira kena kolakwika kamene ana amakonda kudutsamo. Taonani anayi amenewa. Phindu ndi K5,000, ndipo mwana amene waima pomwepo, osadziwa chochita ndi mawu akuti peresenti, aona 5 n'kusankha A. Amene wagawa K5,000 ndi mtengo wogulitsira, K25,000, apeza gawo limodzi la magawo asanu, imene ndi 20, ndipo B akumudikira. Amene wangotenga manambala awiri a m'funso n'kugawa, 20,000 ndi 25,000, apeza 80, ameneyo ndi D. Wolondola ndi amene wagawa phindu ndi ndalama imene wamalonda anatulutsa m'thumba, K5,000 pa K20,000, gawo limodzi la magawo anayi, kupeza 25. Choncho ana atatu akhoza kulakwa funso limodzimodzili, aliyense ndi nthenda yake. Wa A sadziwa tanthauzo la peresenti, wa B akudziwa njira yonse koma wasokoneza pogawira, wa D sanawerenge n'komwe chimene funso likufuna. Tsamba la malemba limawapatsa onse atatu mankhwala amodzi, lemba la C.

Ndinamufunsa muphwa wangayo chifukwa chimene anagawira ndi 25,000. Yankho lake linandidabwitsa. Anati, "Pansi pamakhala nambala yaikulu, amalume." Limeneli linali lamulo lake, lodzipangira yekha, ndipo anali nalo chikhulupiriro chonse. Nditafufuza m'mapepala ena aja ndinaona kumene linachokera. Pa mafunso a kuluza, lamulo lakelo limagwira ntchito nthawi zonse. Munthu akagula pa K25,000 n'kugulitsa pa K20,000, waluza K5,000, ndipo timagawa ndi mtengo wogulira, umene pano ndi waukuluwo, n'kupeza 20. Mnyamatayo ankakhoza mafunso onse a kuluza ndi lamulo labodza, n'kumalakwa onse a phindu. Kwa iye zinkaoneka ngati masamu amtunduwu ndi a mwayi, lero wakhoza mawa walakwa. Nthawi iliyonse tsamba la malemba likamuchongera funso la kuluza, linkathirira manyowa lamulo lolakwikalo.

Sindinamuuze kuti loweza kuti pansi pamakhala mtengo wogulira, chifukwa kumeneko kukanakhala kusinthanitsa nyimbo ina ndi inzake. Ndinamuuza kuti ayese yankho lake la B. Ngati phindu ndi maperesenti 20, ndiye pa K100 iliyonse imene munthuyo analowetsa anapindula K20. Pa K20,000 ndiye kuti anapindula K4,000, ndipo thumbalo akanagulitsa K24,000. Koma funso likuti K25,000. Anawerengera yekha kawiri, nkhope itakwinyika. Amayi ake, amene ankasenda anyezi pakhomo akumvetsera, anangoponyapo mawu: "Iwe, phindu umaliyeza ndi mpamba. Ndalama imene sunaigwire ungayezere chiyani?" Mayi amene amati masamu a Chingerezi sawatha anafotokoza m'ziganizo ziwiri chimene ine ndinkachizungulira. Kuyambira tsiku limenelo mawu akuti mpamba analowa m'kope la mnyamatayo, pambali pa mawu a Chingerezi a mtengo wogulira.

Pali china chimene lemba silingaulule, ndipo kuno kwathu n'chachikulu. Muphwa wangayo ku Chibavi amalankhula Chichewa kunyumba, Chitumbuka ndi anzake pabwalo la mpira, koma funso la masamu limamupeza m'Chingerezi. Pa mafunso amene muphwa wangayo analakwa, atatu sanali vuto la masamu ayi. Nditamumasulira funso m'Chichewa anawerengera bwinobwino n'kupeza yankho. Liwu limodzi la Chingerezi ndi limene linamugwetsa. Mwana wotere mukamupatsa mafunso ena makumi awiri a masamu omwewo mwataya nthawi yake, chimene akusowa ndi liwu lija.

Nditaona zimenezi ndinachita zimene munthu wopsa mtima amachita, ndinathamangira mbali inayo. Ndinang'amba tsamba la malemba n'kulibisa m'chikwama changa. Kwa milungu iwiri ndinkakhala usiku kulemba mafotokozedwe a funso lililonse, sitepe ndi sitepe, tsamba lathunthu pa funso limodzi nthawi zina. Ndinkanyadira ntchito yangayo. Mnyamatayo ankawerenga akugwedeza mutu, ndikamufunsa ngati wamva ankati, "Eee, n'zosavuta." Loweruka lina ndinamulanda mapepala angawo n'kumupatsa funso lofanana ndi limene anawerenga dzulo lake, manambala okha atasinthidwa. Anagwira pensulo, analemba mzere woyamba, n'kuima. Sankadziwa kolowera.

Apa m'pamene ndinazindikira chinyengo cha mafotokozedwe athunthu. Munthu ukamatsatira njira imene wina walambula kale, sitepe iliyonse imaoneka yachidziwikire, ndipo umadziona ngati ukanaipeza wekha. Zili ngati kukwera minibasi kuchoka ku depoti kupita ku Luwinga tsiku ndi tsiku uli pampando wakumbuyo, n'kumaganiza kuti ukudziwa kuyendetsa. Chovuta pa funso la masamu ndi kusankha sitepe yoyamba pamene pepala lili loyera, ndipo ntchito imeneyo ndinkamugwirira ine. Kuwonjezera apo mafotokozedwe angawo anali aatali mopitirira. Mwana amene wasokoneza chinthu chimodzi chokha ndinkamuwerengetsa mizere khumi ndi isanu, ndipo mzere umodzi umene ankaufunawo unkamira pakati pa inzake. M'milungu iwiriyo tinangomaliza pepala limodzi ndi theka.

Ndiye tsamba la malemba ndinalibweza, koma linabwera ndi malamulo. Mnyamatayo amalemba pepala lonse tsambalo lili m'thumba mwanga. Pambali pa yankho lililonse amaika chizindikiro: kadontho ngati akutsimikiza, kamtanda ngati wangolota kapena akukayika pakati pa awiri. Pa masamu amalembanso mawerengedwe ake m'mbali, ngakhale funso likhale losankha. Akamaliza ndimachonga ine, ndipo sindimuuza lemba lolondola. Ndimangomuuza manambala a mafunso amene walakwa. Amabwerera kwa amenewo payekha, ndipo ambiri amawakonza popanda thandizo, chifukwa anali ophonya pothamanga, monga kuiwala ziro kapena kudumpha liwu lakuti ayi m'funso. Amenewo safuna kufotokozera kulikonse. Ndimangofuna kuti akasintha yankho alembe chifukwa m'mawu ochepa, apo ayi akhoza kungolota kachiwiri pa malemba atatu otsalawo.

Otsala pambuyo pake ndi amene timakhalira pansi. Ndimayamba ndi amene anaika kadontho koma analakwa, chifukwa pamenepo m'pamene pabisala lamulo labodza ngati lija la nambala yaikulu. Mwana amene walakwa akudziwa kuti analota alibe choti achotse m'mutu, amangofunika kuphunzitsidwa. Koma amene walakwa ali wotsimikiza ali ndi chinthu chimene chiyenera kuzulidwa kaye, ndipo sichizuka pomuuza yankho lolondola, chimazuka iye akaona ndi maso ake kuti njira yakeyo ikubala K24,000 m'malo mwa K25,000. Kenako timapita kwa amene anakhoza ali ndi kamtanda, aja 6 amwayi. Amenewa ndimamufunsa kuti andiuze chifukwa chimene malemba atatu enawo alili olakwika. Ngakhale pamenepa sindiyamba ndi tsamba lathunthu. Ndimamupatsa kachiganizo kamodzi komukankha, monga kuti mpamba ndi uti apa, ndipo pokhapokha akakanikabe m'pamene timayenda njira yonse limodzi. Pakatha masiku atatu kapena anayi ndimamubweretsera funso lomwelo ndi manambala ena, malemba nditawasakaniza. Akalikhoza pamenepo ndimakhulupirira.

Sindikufuna kuti wina amve ngati malemba okha alibe ntchito. Pali mafunso amene palibe chowerengera, monga chaka chimene Malawi analandira ufulu wodzilamulira. Yankho ndi 1964, ndipo amene sakudziwa sangalipeze poganiza. Pamenepa lemba limathandiza msanga. Komabe ngakhale apa ndinaona kuti mzere umodzi wowonjezera umapindulitsa, chifukwa pambali pa 1964 pamakonda kukhala 1966, chaka chimene dziko linakhala lipabuliki, ndi 1994, chaka cha chisankho cha zipani zambiri. Mwana akauzidwa chimene chinachitika m'zaka zinazo, funso limodzi lamuphunzitsa zinthu zitatu, ndipo chaka chamawa wolemba mayeso akatembenuza funso n'kufunsa za lipabuliki, sagwa. Malemba okha amathandizanso mayeso akayandikira kwambiri, pamene cholinga ndi kuyeza liwiro, kuona ngati mwana angamalize pepala nthawi isanathe. Pa milungu yomaliza timachonga mwachangu, kuona mutu umene ukutayitsa malikisi ambiri, n'kupita ku buku pa mutu umenewo. Mwana amene mutu akuudziwa kale bwino, kumuwerengetsa mafotokozedwe a funso limene analikhoza motsimikiza n'kumutopetsa chabe.

Koma tsamba la malemba lili ndi vuto lina limene linatsala pang'ono kutiwonongera ntchito yonse. Madzulo ena kukuwaza mvula yamawawa ija ya kuno, yosasiya, ndinkachonga pepala la sayansi. Mafunso oyambirira mnyamatayo anachita bwino, khumi ndi atatu mwa khumi ndi asanu ndi limodzi. Kuyambira pa 17 zinthu zinagwa, walakwa, walakwa, wakhoza limodzi, walakwanso anayi motsatizana. Ndinayamba kumukalipira kuti watopa kapena maganizo ali ku mpira. Iye anaumirira pa funso lina kuti, "Ayi amalume, ili ndikulidziwa, lili m'kope langa." Tinatsegula kopelo, ndipo analondola ndi iye. Nditayang'anitsitsa tsamba lija ndinapeza kuti amene analitayipa anadumpha yankho limodzi, moti kuyambira pa 17 lemba lililonse linali la funso lotsatira. Nditasuntha mndandandawo ndi malo amodzi, mnyamatayo anali atakhoza ambiri.

Ndinapepesa, ndipo ndinachita manyazi ndithu. Chimene chinandiopsa kwambiri n'chakuti miyezi ingapo m'mbuyomo, asanazolowere kufunsa chifukwa, akanafufuta mayankho ake olondola n'kuloweza olakwikawo osanena kanthu. Mafotokozedwe akalakwika umatha kuwagwira, chifukwa umaona mzere umene masamu akhotera. Lemba lolakwika limaoneka chimodzimodzi ndi lolondola. Kuyambira pamenepo ndikaona mwana amene amachita bwino wayamba kulakwa mafunso ambiri motsatizana kuchokera pa nambala inayake, ndimayamba ndakayikira tsamba ndisanakayikire mwana. Ndimatenga funso limodzi limene yankho lake ndikulidziwa popanda chikayiko, n'kuona ngati lembalo lili pamwamba kapena pansi pa malo ake. Ndipo pamene tsamba ndi buku la kusukulu zikutsutsana, timatsata buku ndi aphunzitsi, popeza sitidziwa amene anakonza mayankho a pa mtolo wa fotokope uja.

Mnzanga wina amene amaphunzitsa ku sekondale anandiseka nditamufotokozera zonsezi. Anati ine ndili ndi mwana mmodzi ndi madzulo atatu pa mlungu, pamene iye ali ndi kalasi yodzaza mpaka kukhomo, ndipo kuwerenga malemba mokweza ana akuchongerana ndi njira yokhayo yomalizira pepala belu lisanalire. Sindinamutsutse. Ndinangomufunsa ngati angathe, akamaliza kuwerenga malembawo, kufunsa kuti amene anasankha B pa funso lakutilakuti akweze manja. Manja akachuluka pa lemba limodzi lolakwika, ndiye kuti kalasi yonse ili ndi lamulo labodza limodzi, ndipo mphindi zisanu zofotokozera funso limenelo lokha zimagwira ana makumi angapo nthawi imodzi. Iye anawonjezera mfundo imene ine sindinaiganizire. Anati ana amene anakulira pa malemba amavutika akafika pa MSCE, kumene masamu amafuna kuti uonetse njira, ndipo malikisi amaperekedwa pa masitepe. Mwana wozolowera kulemba yankho lokha amataya malikisi amene anzake amatola ngakhale yankho lomaliza litawaphonya.

Loweruka lapitali ndinamupatsa muphwa wangayo funso latsopano: mayi anagula nthochi pa K8,000 n'kugulitsa pa K10,000. Dala ndinaika 20 pa lemba la C, malo aja anazolowera, ndipo 25 ndinaiika pa A. Ndinamuona pensulo ikulendewera pamwamba pa C kwa kanthawi. Kenako analemba m'mbali kuti mpamba 8,000, anagawa, anazunguliza A n'kuika kadontho kake. Pa funso lotsatira, la tizigawo, anaphatikiza theka ndi gawo limodzi la magawo atatu n'kupeza magawo awiri a magawo asanu, ndipo napo anaika kadontho motsimikiza kwambiri. Waphatikiza zapamwamba pazokha, zapansi pazokha, osaona kuti yankho lakelo likuchepa kuposa theka limene anayamba nalo. Lachiwiri tiyambira pamenepo, ndipo achemwali ndawapempha kale kuti andisungire malalanje awiri ndi mpeni.